Zilembo zinayi pa mphete: mawu a Chiarabu asanafike kwa wozokota

Mawu a Chiarabu amene anthu amakonda kuzokotetsa pa mphete za chinkhoswe ndi aafupi kwambiri. Ali ndi zilembo zinayi zokha, أحبك, ndipo amene wawapeza amauzidwa kuti amatanthauza "ndimakukonda". Sanamunamize. Koma zilembo zomwezo, osawonjezerapo kapena kuchotsapo kanthu, wodziwa Chiarabu akhoza kuziwerenga m'njira zingapo. Akati uhibbuka, akuuza mwamuna. Akati uhibbuki, akuuza mkazi. Akati ahabbaka, nkhani yasinthiratu, chifukwa tsopano akunena kuti "uja anakukonda", munthu wina, nthawi ina yakale. Izi zili choncho chifukwa Chiarabu cha masiku onse sichilemba mavawelo aafupi. Wowerenga amawadzazamo yekha poona nkhani yonse, monga momwe ife timadziwira ngati "mtengo" uli papepala ndi wa m'nkhalango kapena wa pamsika, ngakhale kuti kalembedwe n'kamodzi. M'kalata vuto palibe, popeza ziganizo zoyandikana zimathandiza. Pa mphete palibe choyandikana nacho. Liwulo limaima lokha, ndipo lidzaima choncho zaka zonse za ukwatiwo.

Ndasankha Chiarabu chifukwa ndicho chimaonetsa bwino malo atatu amene mawu achilendo amawonongekera: posankha liwu, polilemba, ndi polipititsa m'makina a wozokota. Komanso sichili kutali ndi ife. Ana ambiri a ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota amaphunzira zilembo zake ku madrasa, ndipo amalonda athu amapita ku Dubai kukapikula katundu, n'kubwerako ndi mphete, zibangili ndi mikanda. Koma mafunso amene tifunse pano ndi omwewo amene munthu angafunse pa Chitchaina, Chihebri kapena Chihindi.

Tiyerekeze mnyamata amene akufuna kupatsa bwenzi lake mphete yasiliva pa tsiku la chinkhoswe. M'kati mwa mpheteyo akufuna mulembedwe "wokondedwa wanga, mtima wanga" ndi chaka. Chiarabu sachidziwa. Njira imene ambiri amadzera ndi yoyamba atembenuza maganizo awo kupita m'Chingerezi, kenako n'kufufuza liwu la Chingerezilo mu dikishonale. Apa ndi pamene msampha woyamba uli. Dikishonale imandandalika mawu angapo pansi pa liwu limodzi, koma kawirikawiri sinena kuti ndani amalankhula liwu lililonse, kwa ndani, komanso pamaso pa ndani. Mwa mawu amene mnyamatayu angapeze muli عشيقتي, lotchulidwa ashiikati. Limachokera ku ishki, chikondi choyaka moto chimene olemba ndakatulo a Chiarabu ndi Chiperisiya achitamanda kwa zaka mazana ambiri, ndiye pongoliona likuoneka ngati lakuya kuposa onse. Koma m'Chiarabu cha lero, cha m'manyuzipepala ndi m'mafilimu, ashiika ndi mkazi wamseri, uja mwamuna amamuyendera mkazi wake wa kunyumba asakudziwa. Galamala ya liwulo ilibe banga. Zilembo zake n'zolondola. Mutafunsa munthu kuti "kodi apa palembedwa bwino?" angakuyankheni kuti inde, ndipo sananame. Chonsecho mwalemba pa mphete ya chinkhoswe kuti mtsikanayo ndi wapambali.

N'chifukwa chake funso lakuti "kodi n'zolondola?" ndimaliona ngati lopanda phindu kwenikweni. Limamuuziratu wofunsidwayo yankho limene mukulifuna, ndipo munthu waulemu safuna kukhumudwitsa mlendo amene wakondwera ndi chilankhulo chake. Funso lothandiza ndi lina. Mumamupatsa mawuwo osamuuza chimene mumafuna kunena, n'kumufunsa kuti, "Achimwene, tandiwerengereni apa. Akuti chiyani? Nanga mawu otere angalankhule ndani, akuuza ndani?" Akawerenga n'kumwetulira, kapena akayamba wafunsa kuti "mwawatenga kuti?", musafulumire kumufotokozera. Msiyeni anene kaye zonse zimene zamubwerera m'mutu.

Liwu loyenera mnyamata wathu ndi lodziwika kwa aliyense amene anamvapo nyimbo za Aluya: habibi, kapena kwa mkazi, habibati, limene polankhula ambiri amalifupikitsa kuti habibti. Pano kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi kukuoneka ndi maso. Habibi amalemba حبيبي, zilembo zisanu. Habibati amalemba حبيبتي, zilembo zisanu ndi chimodzi, chifukwa mwalowa chilembo cha t chokhala ndi timadontho tiwiri pamwamba. Wina anganene kuti oimba aamuna amaimbira akazi kuti habibi, ndipo n'zoona, ndi mwambo wakale wa nyimbo ndi ndakatulo zawo. Koma habibi ndi liwu limene lapepuka chifukwa choyenda kwambiri. Ku Kairo kapena ku Beiruti mwamuna amaitana mnzake wamwamuna choncho, mayi amaitana mwana wake choncho, wogulitsa amanyengerera nalo kasitomala, ndipo anthu akamakangana amathanso kulitchula monyoza. Pa mphete ya mkazi, habibati ndiye amene akulozadi mwini chala.

Ine ndingalangize mnyamatayu kuti asankhe habibati kusiyana ndi zilembo zinayi zija za "ndimakukonda", ndipo chifukwa chake n'cha ntchito ya manja, osati cha chikondi. Kuti أحبك ilozedi mkazi, pamafunika kakamzere kopendekeka pansi pa chilembo chomaliza, ndipo kuti isawerengedwe ngati "uja anakukonda", pamafunikanso kachizindikiro kena pamwamba pa chilembo choyamba. Tizizindikiro timeneti ndi timene ana a ku madrasa amaphunzira powerenga Kurani, ndipo papepala timaoneka bwino. M'kati mwa mphete yopyapyala timasanduka ngati tizipsera. Ena amathawa vutoli powonjezera chilembo cha y kumapeto kuti "ki" amveke, ndipo m'mauthenga a pafoni zimenezi zimaoneka kawirikawiri, koma aphunzitsi a Chiarabu amaziwerengera ngati kulakwitsa kalembedwe. Kuli bwino kutenga liwu limene ukazi wake uli m'chilembo chenicheni.

Tsopano "mtima wanga". Pano ngozi ili m'makutu athu. Mtima m'Chiarabu ndi قلب, ndipo chilembo chake choyamba chimatchulidwa kukhosi, kumbuyo kwenikweni, malo amene Chichewa sichitulutsirako liwu lililonse. Ife timachimva ngati k. Tsoka ilo, Chiarabu chili ndi k wina, wofanana ndi wathuyu, ndipo ukamuika pamalo pa woyambayo umapeza كلب, amene ndi galu. "Mtima wanga" ndi قلبي, "galu wanga" ndi كلبي. Kutchula munthu galu kwa Aluya ndi chipongwe chachikulu, monganso kwathu kuno. Mnyamata wathu akangoimbira foni mnzake amene ali ku Dubai n'kunena kuti "ukalembetse kalbi", kapena akalemba mawuwo m'zilembo zathu n'kuwatumiza kuti wina akawabwezere m'zilembo za Chiarabu, wasiya nkhani yonse m'manja mwa mwayi. Katchulidwe ka eni ake nakonso sikathandiza mlendo: Mwejipito amameza chilembocho n'kunena albi, wa ku maiko a ku Gafu amati galbi. Onsewo polemba amalemba chimodzimodzi. Choncho mawu achilendo asayende pakamwa kapena m'zilembo zobwereka. Ayende m'zilembo zawo kuchokera kwa wolemba mpaka kwa wozokota.

Munthu wosadziwa Chiarabu akhoza kusiyanitsa mtima ndi galu ngati wauzidwa poyang'ana. Chilembo choyamba, chimene chili kumanja kwenikweni, chikhale kamutu kozungulira kokhala ndi timadontho tiwiri pamwamba. Chikakhala chachitali, chokhala ndi mzere wopendekeka pamwamba ndipo chopanda kadontho, ameneyo ndi galu.

Nkhani ya timadontho ndi yofunika kuikhalira pansi, chifukwa ambiri amationa ngati zokongoletsera. Chiarabu chili ndi zilembo 28, koma maonekedwe a matupi a zilembozo ndi ocheperapo, ndipo zambiri zimasiyana ndi timadontho tokha. Kadzino kamodzi komweko, kakakhala ndi kadontho kamodzi pansi ndi b, tiwiri pansi ndi y, kamodzi pamwamba ndi n, tiwiri pamwamba ndi t. Taonani liwu lenileni la chikondi, حب, lotchulidwa hubb. Chilembo chake choyamba chilibe kadontho. Wozokota akatsetsereka dzanja n'kusiya kachibowo pansi pake, liwulo limakhala جب, jubb, chitsime chakuya, liwu lomwe Kurani imagwiritsa ntchito pofotokoza dzenje limene Yusufu anaponyedwamo ndi abale ake. Pakati pakalowa chilembo cha r, limakhala حرب, nkhondo. Ndipo ngakhale litalembedwa bwinobwino, liwu lomwelo likhoza kuwerengedwa habb, kutanthauza njere kapena mbewu, ndipo ziphuphu za kumaso kwa achinyamata amazitchulanso ndi liwu limeneli. Kunena zoona, Mluya akaona حب pa mkanda saganiza za ziphuphu, amadziwa kuti ndi chikondi. Si tanthauzo lachiwiri lililonse limene liyenera kutiopsa, ndipo anthu ena amakokomeza nkhanizi pofuna kuseketsa anzawo. Ntchito ya wowerenga wanu ndi kukuuzani kuti mwa matanthauzo awiriwo, limene limayamba kufika m'mutu mwa mwini chilankhulo ndi liti. Pa hubb limayamba ndi chikondi. Pa ashiika limayamba ndi chibwenzi chamseri.

Timadontho timapatsa mnyamata wathu chida chimene angagwiritse ntchito yekha: kuwerenga. Mu حبيبتي muli timadontho 8. Tisanu ndi kamodzi tili pansi, tiwiri tili pamwamba, ndipo chilembo choyamba kumanja chilibe n'kamodzi komwe. Akapeza kuti pamwamba palibe kanthu, wapatsidwa habibi wa mwamuna. Pali chinthu chimodzi chimene chingamusokoneze. Ku Ejipito anthu ambiri salemba timadontho tiwiri ta y wa kumapeto kwa liwu, ndipo Chiperisiya ndi Chiurdu, zimene zimagwiritsa ntchito zilembo zomwezi, nazonso sizitilemba. Wowerenga wa ku Kairo sadzaona cholakwika pa mphete yotero, koma wa ku Siriya kapena ku Saudi Arabiya adzati pakusowa kanthu. Pa habibati tanthauzo silisintha. Koma pa dzina lakuti Ali zimavuta: likakhala ndi timadontho ndi dzina, likapanda akhoza kuliwerenga ala, kutanthauza "pamwamba pa". Ndi bwino kungotilemba.

Tinene kuti mawu asankhidwa bwino ndipo alembedwa bwino. Malo amene mphete zambiri zimawonongekera sitinafikepo. Chiarabu chimalembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo zilembo zake zimagwirana manja. Chilembo chimasintha maonekedwe malinga ndi pamene chili: poyamba, pakati, pomaliza kapena pachokha. Pali zilembo zisanu ndi chimodzi zokha zimene sizilumikizana ndi chilembo chotsatira. Foni yanu imadziwa malamulo onsewa, ndipo mukalemba liwu imalumikiza yokha. Koma si pulogalamu iliyonse ya pa kompyuta imene imawadziwa. Mawu akakoperedwa n'kuikidwa mu pulogalamu yojambulira kapena yoyendetsa makina a leza imene sinakonzedwere zilankhulo zotere, zimachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi: zilembo zimamasukana, chilichonse n'kuima pachokha, ndipo zimandandalikidwa kuyambira kumanzere ngati Chingerezi. Kwa wosadziwa zimaonekabe ngati Chiarabu, mwinanso zooneka bwino chifukwa zatalikirana mwadongosolo. Kwa wodziwa ndi zosawerengeka.

Izi sizichitikira amisiri ang'onoang'ono okha. M'chaka cha 2012, mzinda wa London ukukonzekera masewera a Olimpiki, malo aakulu ogulitsirako zinthu a Westfield ku Stratford anapachika zikwangwani zolandira alendo m'Chiarabu chotembenuzika ndi chomasukana chotere, ndipo kampani ya sitima za pamtunda ya First Capital Connect inamata zidziwitso za chitetezo zokhala ndi vuto lomwelo. Vuto la mtundu umenewu silichokera kwa womasulira. Limabadwa pakati pa fayilo yake ndi makina osindikizira, pamene palibenso wodziwa chilankhulo amene akuyang'ana. Chikwangwani amachitsitsa n'kupachika china. Mphete imakhala itazokotedwa kale.

Musaganizenso kuti kugula mphete m'dziko la Aluya ndiye kuti mwapulumuka. Mu msika wa golide wa ku Deira, ku Dubai, ogulitsa ndi amisiri ambiri ndi ochokera ku India ndi maiko oyandikana nalo. Ena amalankhula Chiarabu cha pamalonda koma sachiwerenga mozama, ndipo ena amawerenga Chiurdu, chimene chimaoneka chofanana koma ndi chilankhulo china.

Njira yotsekera khomo limeneli ndi yosavuta. Wozokota asapatsidwe mawu oti akopere kapena alembenso. Apatsidwe chithunzi cha mawuwo. Munthu amene walemba mawuwo pa kompyuta yodziwa Chiarabu awasandutse mizere yojambulidwa, kuti asakhalenso zilembo zimene pulogalamu ina ingazisanje mwa nzeru zake. Mu Adobe Illustrator lamulo lake ndi `Create Outlines`, mu CorelDRAW ndi `Convert to Curves`. Akatero asunge fayilo ngati PDF kapena SVG, ndipo pambali pake pakhale chithunzi wamba chosonyeza mmene mawuwo ayenera kuonekera, chokhala ndi muvi wolozera kumwamba. Muviwo si wachabe: munthu wosawerenga zilembozi sadziwa kumwamba ndi kunsi kwake, ndipo akhoza kuzizokota chadodolido poyerekeza ndi chaka kapena dzina limene lili pambali. Pa galasi, pa chidindo ndi pa zinthu zimene amasindikiza chotembenuza, monga makapu ndi malaya, pamabweranso ngozi yakuti mawu atuluke ngati akuonekera pa kalilole.

Kenako mumapempha kuti musanalipire zonse, mmisiriyo akuonetseni chitsanzo: azokote pa kachidutswa ka chitsulo, pa msinkhu weniweni umene adzazokote pa mphete. Chithunzi cha pa sikirini ya kompyuta yake sichikwanira, chifukwa pamenepo zilembo zimakhala zazikulu ngati chala. Amisiri ena sakondwa nalo pempholi, amaliona ngati kuwakayikira. Mawu ofatsa amathandiza: "Bambo, ntchito yanu sindikuikayikira, koma chilankhulochi tonse awiri sitichiwerenga. Tiyeni tiyese pa kachitsulo kaye, ndikaonetse wodziwa." Mnyamata wathu ayang'ane yekha poyamba. Habibati yense akhale mzere umodzi wosaduka, chifukwa zilembo zake zonse zimalumikizana. Mchira wautali wokhota wa y ukhale kumanzere. Akaona zilembo zisanu ndi chimodzi zitaima motalikirana, makina amasula liwulo. Akadasankha أحبك, akadayang'ana kuti kamtengo koongoka kaime pakokha kumanja, ndipo zilembo zitatu zotsalazo zigwirane.

Msinkhu uli ndi malire ake. Mphete ya mkazi yokhala ndi mamilimita 17 kuchokera mbali ina ya m'kati kufika mbali inayo ili ndi mamilimita pafupifupi 53 kuzungulira m'kati mwake, ndipo ena mwa malowo atengedwa kale ndi chidindo cha mtundu wa chitsulo, monga 925 pa siliva kapena 750 pa golide wa makarati 18. Utali si vuto kwenikweni pa mawu awiri. Vuto ndi mulifupi. Mphete ya mamilimita 3 imasiya malo olembapo okwana ngati mamilimita 2, ndipo m'malo amenewo muyenera kulowa zilembo zazitali, michira yotsika, ndi timadontho ta pamwamba ndi pansi. Kadontho kalikonse kamachepera theka la milimita. Tiwiri toyandikana tikhoza kuphatikizana n'kuoneka ngati kamodzi, ndipo zikatero t wasanduka n, y wasanduka b. Apa ndi pamene mtundu wa kalembedwe umafunika. Kalembedwe ka nasikhi, kamene mabuku ambiri amasindikizidwa nako, ndi komveka ngakhale pa malo ochepa. Makalembedwe okongoletsa, monga thuluthi wa pa makoma a mizikiti kapena diwani amene ankalembera makalata a mafumu a Otomani, amapiringiza ndi kusanjikiza zilembo. Ndi okongola pa chithunzi chopachika kukhoma kapena pa chibangili chotambalala, koma m'kati mwa mphete amangokhala ngati zokanda.

Chaka nachonso chili ndi kamsampha kake. Mnyamatayu akafuna kuti manambala agwirizane ndi zilembo, adzapatsidwa manambala amene amagwiritsidwa ntchito ku Ejipito ndi kum'mawa kwake. M'manambala amenewo ziro ndi kadontho, 5 ndi kozungulira ngati ziro wathu, ndipo 6 amafanana ndi 7 wathu. Chaka cha 2025 chimalembedwa ٢٠٢٥, ndipo ngakhale mawu amayenda kuchokera kumanja, manambala amayenda kuchokera kumanzere ngati athu. Mmisiri wofuna kuthandiza akhoza kuwatembenuza poganiza kuti zonse za Chiarabu zimayambira kumanja, kapena kufufuta ziro pomuyesa kachitsotso. Ku Moroko, Alijeriya ndi Tuniziya amalemba Chiarabu ndi manambala omwe timagwiritsa ntchito ifewa, choncho palibe cholakwika kuika 2025 pambali pa habibati, ndipo mwini mphete adzatha kuwerenga tsiku lake.

Nanga wowerenga wodziwayo ndani? Kwathu kuno maganizo amathamangira kwa a shehe kapena kwa mphunzitsi wa ku madrasa, ndipo pa nkhani ya zilembo, timadontho ndi galamala, iwowa ndi oyeneradi. Adzaona msanga ngati liwu latembenuzika. Koma Chiarabu cha Kurani ndi cha mabuku a chipembedzo si chimodzimodzi ndi chimene mnyamata wa ku Damasiko amalankhula kwa bwenzi lake, ndipo munthu akhoza kuwerenga bwino kwambiri osadziwa kuti liwu lina linatenga fungo loipa m'misewu. Pamafunika anthu awiri osiyana: wina wa zilembo, wina amene anakulira kapena anakhalitsa pakati pa eni chilankhulo. Ngati mphatsoyo ikupita kwa mkazi, mmodzi mwa awiriwo akhale mkazi, chifukwa akazi ndiwo amadziwa bwino mawu amene amawalandira mokondwa ndi amene amawanyansa. Ndipo asafunsidwire pamodzi, kuopa kuti wamng'ono angangovomereza zimene wamkulu wanena.

Ngati wolandira mphatsoyo ndi Mluya, funsani za kwawo kwenikweni, chifukwa Chiarabu cholankhula chimasiyana dziko ndi dziko. Uhibbuki ndi Chiarabu cha m'mabuku, chomveka kulikonse koma chokhala ngati chavala jekete. Mwejipito pouza mkazi amati bahibbik. Ku Lebanoni ndi ku Siriya kuli mawu achikondi amene alendo amawakonda kwambiri, تقبرني, amene kwenikweni akuti "undiike m'manda", kutanthauza kuti ndife ine poyamba chifukwa sindingapirire kukhala popanda iwe. Kwa eni ake ndi mawu otentha mtima, amene ngakhale agogo amauza adzukulu. Koma taganizani mtsikana wa ku Zomba akufotokozera azakhali ake, pa tsiku la chinkhoswe, kuti m'kati mwa mphete mwalembedwa za manda. Mawu akhoza kukhala abwino kwawo n'kukhala olemera kwa amene adzawavale ndi kwa abale ake.

A shehe ali ndi funso lina limene ndi lawo ndithu. Anthu ena, pofuna kuti mphatso ikhale yaulemu, amasankha ndime ya m'Kurani kapena mawu okhala ndi dzina la Mulungu. Asilamu ambiri amapewa kulowa kuchimbudzi atavala chinthu cholembedwa dzina limeneli, choncho mphete yotero imasanduka katundu wovula ndi kuvala tsiku lonse, ndipo ikavalidwa ndi wosadziwa mwambowu ikhoza kukhumudwitsa amene akuiona. Maina ena a anthu, monga Abdullah, ali ndi dzina la Mulungu m'kati mwake. Komanso ngati mphete ikupita kwa mwamuna wachisilamu, kumbukirani kuti akuluakulu a chipembedzochi amaphunzitsa kuti mwamuna asavale golide, n'chifukwa chake mphete za amuna zimakhala zasiliva.

Zakuti mawu otengedwa m'buku loyera amakhala ndi nkhani yawo kumbuyo si za Chiarabu chokha. Ku Britain m'zaka za m'ma 1800 kunatchuka mphete ndi zokolowekera pa malaya zolembedwa liwu la Chihebri lakuti Mizipa, zimene okondana ankapatsana akamasiyana pa ulendo. Koma amene anawerenga Genesis 31 akudziwa kuti dzinali linaperekedwa pa mulu wa miyala umene Yakobo ndi Labani anaunjika atakangana. Anali mkamwini ndi mpongozi osakhulupirirana, akuitana Mulungu kuti akhale mboni ndi mlonda pakati pawo, ndipo muluwo unali malire oti wina asawoloke kukachita mnzake choipa. Mwambo unalipatsa liwulo tanthauzo lofewa, ndipo palibe choletsa kulivala, koma wopereka ayenera kudziwa kumene lachokera asanakumane ndi wolandira amene amadziwa Baibulo kuposa iye. Zilembo za Chitchaina zili ndi msampha wa mtundu winanso, wakuti zilembo zomwezo zimawerengedwa m'maiko angapo. 愛人 ku China amatchulira mwamuna kapena mkazi wa m'banja, ngakhale kuti kumeneko chilembo choyambacho amachilemba mofupikitsa. Ku Japan zilembo ziwiri zomwezo zimanena chibwenzi chamseri.

Tibwerere kwa mmisiri. Dongosolo la ntchito likhale lakuti mphete iyezedwe pa chala ndi kukonzedwa msinkhu isanazokotedwe, chifukwa pochepetsa kapena kukulitsa mphete amaidula, kuiwotcherera ndi kuipukuta, ndipo zilembo zimene zili pafupi ndi podulapo zimafufutika kapena kupindika. Pokatenga mphete yomalizidwa, mnyamatayu aijambule ndi foni moyandikira, pamalo owala, n'kutumiza chithunzicho kwa wowerenga amene sanaonepo mawuwo, ndi funso lomwe lija lakuti akuti chiyani. Achite zimenezi asanachoke pa sitolo, popeza ogulitsa ambiri salandiranso katundu wozokotedwa, ndipo pokambirana za amene walakwa, chimene chimathandiza ndi chitsanzo chimene munagwirizana poyamba.

Cholakwika chikapezeka mochedwa, zotheka zimadalira chitsulo. Pa golide ndi siliva weniweni, zilembo zosazama akhoza kuzipala ndi kupukuta, koma mphete imapyapyalako ndipo imakhwepa pang'ono pa chala. Zozama amazidzaza ndi chitsulo cha mtundu womwewo n'kuzokotanso, ntchito yofuna mmisiri waluso ndi ndalama zina. Kadontho kosowa n'kosavuta kuwonjezera, koma kochuluka n'kovuta kuchotsa. Mphete zongokutidwa golide pamwamba, zimene ndi zambiri m'misika yathu, zikapalidwa zimaonetsa chitsulo cha pansi ndipo zimafuna kukutidwanso. Za tangisiteni n'zolimba kwambiri moti sazisintha msinkhu, ndipo zilembo zikalakwika pa mphete yotero, kawirikawiri njira yotsala ndi kugula ina.